Wa kuseli watsopano: makiyi ndimupatse liti?

Funso: Ndili ndi shopu ya hadiweya ku Lilongwe cha ku Malangalanga, antchito alipo 7. Ndalemba mnyamata woti azisunga katundu kuseli, ayamba pa 1 Juni, ndamuuza kuti pulobeshoni ndi masiku 90. Awiri amene analipo m'mbuyomu sanathe olo miyezi inayi, wina anangosiya kubwera, wina tinasiyana chifukwa simenti imangoshota. Ndiye uyu ndimuyambe bwanji kuti zisabwerezenso? Ndimupatsiretu makiyi tsiku loyamba kapena?

Yankho: Mayi, makiyi adikire kaye, ndifikako. Choyamba tengani kalendala muwerenge nokha, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amadzikola. Akayamba pa 1 Juni, tsiku la 30 likugwera pa 30 Juni, la 60 pa 30 Julaye, la 90 pa 29 Ogasiti. Mwaona? Ntchito ya wosunga katundu imaonekera pa kuwerenga sitoko kwa kumapeto kwa mwezi, ndiye ngati mumawerenga tsiku lomaliza la mwezi ngati mmene amachitira anzanu ambiri, kuwerenga kwachitatu kudzachitika pa 31 Ogasiti pulobeshoni itatha kale masiku awiri apitawo. Mudzakhala mwamuona kawiri kokha, ndipo ulendo woyambawo anali akadali mlendo sadziwa kuti misomali ya malata imakhala pati. Ine ndikamakonza masiku 90 a munthu wa kuseli sindiwerenga masiku kwenikweni, ndimawerenga maulendo owerenga katundu. Ulendo woyamba iye amaonerera ndi kulemba, wachiwiri amawerenga iye inu mukumutsatira pambuyo, wachitatu amapanga yekha inu mumangobwera kudzacheka. Wachitatuwo mubweze kumbuyo, muuike cha m'ma 15 Ogasiti, Loweruka masana mukatseka, kuti mukhale ndi masabata awiri oganiza ndi kulankhula naye tsiku la 90 lisanakwane.

Tsopano za mapepala, ndipo izi zichitike asanafike kapena sabata yoyamba yomweyo. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kupita m'mwamba apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza za ntchito yake pasanathe mwezi chiyambireni, inu muli ndi 7 ndiye mulimo. Mulembemo malipiro ndi nthawi yolandirira, maola, ntchito yake ndi yotani, tchuthi, ndi za notisi. Za pulobeshonizo musangonena pakamwa ayi, zilembedwe ndi deti yoyambira ndi deti yothera, asayine. Lamulo lomwelo limalola pulobeshoni kwa wantchito waluso mpaka osapitirira miyezi 12, ndipo mkati mwake aliyense wa inu akhoza kuthetsa kontilakiti popanda notisi. Koma mukadzakumana ku ofesi ya leba kapena kukhothi la nkhani za ntchito inu nkumati "ndinamuuza pakamwa", iye nkumati "sanandiuze", zimavuta. Maola ndi 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu, ndipo kuhadiweya izi zimachitika kwambiri chifukwa lole ya simenti siyang'ana wotchi, imatha kufika hafu faifi madzulo. Muuziretu kuti ikafika mochedwa zimayenda bwanji. Wogwira masiku 6 pa sabata tchuthi chake ndi masiku 18 pa chaka. Penshoni inu mumaika 10 peresenti iye 5, msonkho wa PAYE ngati malipiro ake afika podulidwa umapita ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mumufotokozere zimenezi malipiro oyamba asanafike, mutenge pepala mulembe ndalama yonse, zodulidwa, ndi yomwe agwire m'manja. Ambiri amene amangosowa mwezi woyamba ukatha, ngati woyamba wanu uja mwina, amakhala anamva figa ina pa intavyu nkulandira ina, ndiye poti kwathu kuno kufunsa abwana za ndalama kumaoneka ngati mwano, munthu amangoti zikomo nkupita osabweranso.

Zamapepala basi zatha, tibwere pa nkhani yeniyeni.

Pa 1 Juni mudzakhalepo inuyo mwini wake, osati kumusiyira anyamata onyamula kuti "muonetseni". Muitane onse 7 muwauze pamaso pake kuti uyu ndi uje, ntchito yake ndi yakuti, ndipo kuyambira tsiku lakuti palibe chotuluka kuseli popanda pepala lodutsa m'manja mwake. Mawu amenewa akuyenera kuchoka pakamwa panu. Taganizani, mnyamata wa zaka mwina 24 wangobwera, kuseli kuli abambo amene akhala akusenza simenti yanu zaka 9, amadziwa makontilakita onse ndi mayina, angawauze bwanji kuti "madala bwezani thumbalo palibe lisiti"? Sangathe, pokhapokha onse atamva kuti akuyankhula ndi mphamvu zanu. Mumupatse fumbi masiki, magolovesi ndi nsapato zolimba, malata amacheka ndithu ndipo fumbi la simenti silisewera. Mumuonetse kodyera nkhomaliro, kuchimbudzi, ndi amene angamuuze akadwala. Zikuoneka zazing'ono koma munthu watsopano amatha tsiku lonse ndi njala chifukwa choopa kufunsa.

Kenako chinthu chimene ndikukhulupirira kuti sichinachitike kwa awiri aja. Masiku awiri kapena atatu oyambirira muwerenge katundu yense wa kuseli, iye alipo, inu kapena wachiwiri wanu alipo, chilichonse chilembedwe ndipo nonse musayine tsamba lililonse ndi deti. Iye atenge kope, olo kujambula pa foni. Popanda zimenezi mukumulandiritsa ngongole za anzake. Buku likuti simenti ilipo matumba 230 pomwe pansi alipo 212, mwezi ukatha mudzati wabera 18, chonsecho anasowa iye asanabwere. Ndipo mbali inayo nayonso, wakuba weniweni amakonda kwambiri shopu yosawerengetsa poyamba chifukwa yankho ali nalo kale, "ndinapeza zili choncho". Muwerengedi, osati kuyang'ana mulu nkuti awa ndi handiredi. Mulu wa simenti umanama, pakati pakhoza kukhala dzenje.

Mwezi woyamba ntchito yake ikhale kudziwa katundu ndi kudziwa njira ya pepala, basi, musamuunjikire zambiri. Hadiweya ili ndi zinthu zofanana maso koma zosiyana mtengo, ndipo kushota kwambiri kumene ndakuona sikuba ayi, ndi kutulutsa chinthu cholakwika. Kasitomala walipira malata a geji 30, wapatsidwa a geji 28 okhuthala, ndalama yapita koma chiwerengero cha malata onse chili bwinobwino. Walipira simenti ya 32.5 wanyamula ya 42.5. Zitsulo za Y10 ndi Y12 zikasakanikirana pa laki munthu watsopano sangasiyanitse. Ndiye sabata yoyamba ndi yachiwiri mumupatse ntchito yolemba zikwangwani pa mashelufu ndi kutsegula bini khadi ya mtundu uliwonse, khadi imodzi chinthu chimodzi, yolembapo deti, zolowa, zotuluka, zotsala ndi nambala ya pepala. Akamalemba yekha ndi dzanja lake zimalowa m'mutu kuposa kumulalikira. Koma musayambe ndi zinthu zonse 800 kapena kaya ndi zingati muli nazo, sankhani 20 zimene zimadya ndalama zambiri ndi kuthamanga, simenti, malata, zitsulo, penti ya malita 20, waya, maloko. Makhadi a tinthu ting'onoting'ono adzabwera mwezi wachiwiri.

Pofika sabata yachitatu mumuyese mosavuta, mumutume "kanditengere lata la geji 28 la mafiti 12 ndi kilogalamu ya misomali ya mainchesi 4" muone ngati apita molunjika kapena ayima kufunsa anyamata. Ndipo lole yoyamba ikabwera iye aime pambali pa amene akulandira, ali ndi pepala lake akuwerenga payekha, pomaliza muyerekeze. Lole ya matani 30 ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Aphunzire kuti amawerenga thumba likamatsika osati likaunjikidwa, kuti long'ambika kapena louma limaikidwa padera ndi kulembedwa pa delivale noti dalaivala asanachoke ndipo dalaivala asayine, chifukwa lole ikatuluka geti sapulaya sadzavomeranso. Simenti ikhale pa mapaleti kutali pang'ono ndi khoma, milu isapitirire matumba 10, yakale izituluka kaye. Mwayi wanu ndi woti Juni mpaka Ogasiti kulibe mvula, koma ndi nthawinso imene anthu akumanga, alimi agulitsa fodya ndi soya akufuna malata, ndiye kuseli kumakhala piringupiringu ndipo inu simudzakhala ndi nthawi yomuphunzitsa masana. Muike mphindi 20 m'mawa musanatsegule. Mukati "tidzaona mpata ukapezeka" sudzapezeka.

Makiyi aja tsopano. Ine ndimati loko ziwiri pa chitseko. Mwezi woyamba iye alibe kiyi, amatsegula limodzi ndi wachiwiri wanu. Kuwerenga kwa pa 30 Juni kukatha bwino, mumupatse kiyi wa loko imodzi, inayo ikhale kwa inu kapena wachiwiri, ndiye palibe amene angalowe yekha usiku kapena Lamulungu. Mumuuze chifukwa chake momasuka kuti izi zikutetezanso iyeyo, asaganize kuti mukumuyesa mbava. Ndipo pali funso limene ndimafunsa eni mashopu nkukhala chete, kodi makiyi a kuseli alipo angati ndipo ali kwa ndani? Ngati amuna anu ali ndi wawo, mlamu ali ndi wake, ndipo aja munasiyana nawo sanabweze, gulani maloko atsopano pa 1 Juni pomwepo, pajatu mumagulitsa nokha. Simungamufunse munthu za katundu amene anthu anayi amalowako iye kulibe.

Ndikuuzeni zimene ndinaona pa shopu ina imene ndinkathandiza, sinditchula. Mtsikana anayamba ngati wanuyu, tinawerenga poyamba simenti 212, mkati mwa mwezi inalowa lole ya 600, malisiti akusonyeza kuti atuluka 655. Ndiye 212 kuphatikiza 600 kuchotsa 655, pansi pamayenera kukhala 157. Titawerenga tinapeza 149. Ashota 8. Mwini shopu nkhope inasintha nthawi yomweyo, akuti "ndi zomwe zija, mudule pa malipiro". Ndinati dikirani tione bini khadi, mwamwayi mtsikanayo ankalemba tsiku ndi tsiku komanso tinali titamuuza kuti simenti yokha aziwerenga madzulo alionse, zimangotenga mphindi 10 milu ikakhala ya 10. Pa khadi tinaona kuti tsiku lina Lachisanu zotsala zinadumpha ndi 5 ndipo pambali analemba ndi pensulo timawu "abwana aamuna, foni". Anali amuna a mwini shopu anaimba kuti pikapu ikubwera mupatseni matumba 5 a ku saiti yawo ku Area 25 pepala tilemba Lolemba, Lolemba silinalembedwe. Awiri ena anali ong'ambika, anyamata anasesa nkugulitsa pa kilogalamu kutsogolo, ndalama inalowa mu tilu koma kuseli sanachotse pa khadi. Limodzi lokha ndi limene sitinalipeze, ndipo tsiku limene linasowa linali la lole, mwina anawerenga molakwika potsitsa. Kuchoka pa 8 kufika pa 1, ndipo 5 mwa amenewo wolakwa anali wa m'nyumba ya abwana. Chikhala kuti ankawerenga kamodzi pa mwezi basi, palibe akanakumbuka Lachisanu limenelo, mtsikana akanapita ndi dzina la wakuba. Sindikunena kuti wanu wachiwiri uja anali wosalakwa, sindinalipo, koma dzifunseni ngati munali ndi njira yodziwira tsiku limene thumba linasowa.

Pa kudula malipiro, samalani. Lamulo sililola kumulipitsa wantchito faindi ngati chilango, ndipo zodula pa malipiro zili ndi malire ake. Kungoti kwashota ndiye ndadula osafufuza osamumva, mudzabweza ndalamazo ndi manyazi.

Mwezi wachiwiri ndi umene ndimaukonda chifukwa ndi pamene munthu weniweni amatulukira, ulemu wa mlendo watha, anyamata amuzolowera ndipo ayamba kumuyesa. Apa azilandira yekha katundu wamng'ono, lole yaikulu mukhalepobe koma patali, asayine iye. Mumupatse udindo wokuuzani Lolemba lililonse zimene zatsala pang'ono kutha, ndipo mugwirizane manambala, mwachitsanzo simenti ikafika 150 andiuze chifukwa oda imatenga masiku angapo kuti ifike. Kamodzi pa sabata, tsiku losadziwika, sankhani zinthu zisanu muwerenge naye nkuyerekeza ndi khadi. Zisanu zokha. Chimene mukuyang'ana sikuti asalakwitse konse ayi, mukuyang'ana kuti kulakwitsako kukuchepa kodi, ndipo akalakwitsa amakuuzani yekha kapena mumachita kutulukira. Amene amabwera nkuti "mayi penti yashota imodzi sindikudziwa kuti bwanji" ameneyo musungeni. Amene makhadi ake amagwirizana ndendende masabata onse, inki yofanana, zolemba zoyera ngati zalembedwa ulendo umodzi, ameneyo mumuyang'ane bwino, kawirikawiri amakhala akulemba khadi madzulo kuchokera pa zimene zili pansi osati kuchokera pa malisiti, ndiye khadi silingasiyane ndi mulu olo katundu akutuluka. Njira yodziwira ndi kutenga buku la malisiti la kutsogolo la tsiku limodzi nkulitsatira mzere ndi mzere pa makhadi ake.

Chinanso choyang'ana mwezi umenewu, kodi wakanapo munthu? Ngati pofika pakati pa Julaye sanabwezepo aliyense wopanda pepala, olo kontilakita amene mumadziwana, ndiye kuti kaya akuopa kaya inuyo mukumufooketsa. Ndipo tsiku limene adzakane m'bale wanu, mwina adzakana inu nomwe mutaimba foni muli ku banki, mumuikire kumbuyo pagulu. Mukangoti "aaa iwe, amenewa ndi achimwene anga apatse" anyamata akumva, zonse munanena pa 1 Juni zafa pomwepo. Ngati mukufuna njira ya changu, mugwirizane kuti uthenga wolembedwa pa foni yochokera kwa inu ndi wokwanira kutulutsa katundu, iye alembe pa khadi, pepala lilembedwe tsiku lomwelo musanatseke.

Kukhala pansi kukambirana kukhale katatu, cha pa 1 Julaye, cha pa 31 Julaye, ndi sabata ya pa 17 Ogasiti kuwerenga kwachitatu kutachitika. Osati pa kauntala makasitomala akumva, mphindi 30 muofesi. Tsamba limodzi likwana, zimene zikuyenda, zimene zikufunika kukonza, pofika liti, nonse musayine. Mukamufunsa "zikuyenda bwanji?" yankho ndi "bwinobwino mayi" nthawi zonse, simupeza kanthu. Mufunseni kuti ndi chinthu chiti kuseli chimakuvuta kuwerenga, ndani amatenga katundu mothamanga osadikira kuti ulembe, ukanakhala iwe mwini shopu ukanasuntha chani. Pamenepo amayamba kulankhula. Ndipo mukanena cholakwika chikhale ndi deti ndi nambala, "pa 12 ndi pa 19 khadi la Y12 silinalembedwe mpaka mawa lake", osati "ukuoneka ngati suli siliyasi", zimenezo munthu sangakonze.

Lamulo langa ndi loti pa tsiku la 90 pasakhale chodabwitsa. Ngati zinthu sizikuyenda, alimve pa 31 Julaye momveka kuti zikapitirira chonchi sitipitiriza, ndipo zofunika kusintha ndi izi ziwiri kapena zitatu. Kuwerenga kwa pakati pa Ogasiti ndiye mayeso ake, akonze yekha mapepala, agawe anyamata, awerenge, ayerekeze ndi makhadi, akubweretsereni zosiyana ndi zifukwa zake, inu mungosankha zinthu 10 nkuwerenganso. Pa zinthu zowerengeka ngati simenti ndi malata ndimayembekeza kuti kusiyana kulikonse kukhale ndi tsiku ndi chifukwa. Pa zoyeza pa sikelo ngati misomali kusiyana pang'ono kumakhalapo ndithu chifukwa ogulitsa amapyoletsa muyezo, musamupachike pa zimenezo, chekani sikelo kaye.

Zikatha apo pali njira zitatu. Ngati wakhoza, mulembereni kalata yomutsimikiza pa ntchito isanafike 29 Ogasiti, ndipo ngati munalonjeza kukweza malipiro mukwezedi mwezi womwewo. Ngati ali pakatikati, mwachitsanzo ndi wokhulupirika koma makhadi amachedwa, mukhoza kuwonjezera mwezi umodzi, koma zilembedwe ndi kusayinidwa pulobeshoni yoyamba isanathe, ndipo ndi bwino kontilakiti ikhale inanena kale kuti ikhoza kuwonjezeredwa. Mukangokhala chete deti nkudutsa iye akugwirabe ntchito, zidzakuvutani kunena mu Okotobala kuti anali akadali woyesedwa. Ngati zakanika, olo lamulo likuti notisi siyofunika nthawi imeneyi, ine ndimalangiza kumuitana, kumuuza zifukwa zochokera pa mapepala atatu aja, kumumva mbali yake, kumulipira zake zonse kuphatikizapo masiku a tchuthi amene wasonkhanitsa, ndipo muwerengenso katundu limodzi ndi kusayinirana asanapereke kiyi, ngati mmene munachitira pobwera.

Kiyi wa loko yachiwiri uja musadzamupatse olo atatsimikizidwa, akhalebe kwa inu. Ndipo kaye lero lino afunseni abambo kunyumba ngati ali ndi kiyi wa kuseli m'galimoto mwawo.